Matisheti 10,000 pa fomu ya SAD 500: khodi, mtengo ndi dziko limene katundu anapangidwa

Fomu imene timalembapo katundu wolowa kapena wotuluka mu South Africa imatchedwa SAD 500. Masiku ano sitinyamulanso pepala kupita nalo ku kauntala, timatumiza zonse pa kompyuta kwa a SARS, omwe ndi otolera misonkho m'dziko lino. Komabe kalaliki watsopano ndimamuyamba ndi fomu yosindikiza, chifukwa pa pepala mabokosi onse amaoneka nthawi imodzi ndipo munthu amatha kuloza ndi chala. Mabokosi ambiri ndi ongokopera: dzina la wotumiza, dzina la wolandira, nambala ya kontena, kulemera kwa katundu. Amenewa munthu wosamala amawadziwa sabata yoyamba. Pamene pagona ndalama ndi milandu ndi pa mafunso atatu okha. Katunduyu ndi chiyani? Anagulidwa ndalama zingati? Anapangidwa dziko liti?

Mu ofesi mwathu muno mu Joni, kufupi ndi City Deep kumene makontena ochokera ku doko la Durban amatsikira, mwabwera mnyamata wa ku Ntcheu amene akuphunzira ntchitoyi. Chizungu amachimva bwino, koma Chizungu cha fomuyi ndi cha malamulo, ndipo mawu amene timawadziwa kumsika ali ndi tanthauzo lina akalowa m'bokosi. Choncho ndinamumasulira fomu yonse m'Chichewa, tikugwiritsa ntchito katundu mmodzi yekha: matisheti 10,000 ochokera ku China, oitanitsidwa ndi wamalonda wa muno m'tauni. Mitengo imene nditchule pano ndaisalaza kuti masamu aoneke msanga, koma kachitidwe kake ndi komweko.

Chinthu choyamba chimene ndinamuuza n'chakuti m'munsi mwa fomu muli mawu olumbira kuti zonse zolembedwazo ndi zoona. Lamulo limene timayendera ndi Customs and Excise Act la mu 1964, ndipo limati ejenti woombolera anthu katundu, monga ife, amasenza nawo udindo wa amene wamutuma. Mwini katundu akanama, ife n'kulemba bodza lakelo osafunsa, a SARS amatha kutifunsa ifenso msonkho wotsalawo. N'chifukwa chake sitiyamba kulemba tisanalandire kalata ya malangizo yochokera kwa mwini katundu, invoisi, mndandanda wa zopakira ndi chikalata cha sitima chotchedwa Bill of Lading.

Katunduyu ndi chiyani

Bokosi 31 limafuna kufotokoza katundu m'mawu, ndipo bokosi 33, lolembedwa Commodity Code, limafuna kumufotokoza m'manambala. Manambalawa ndi amene timawatcha khodi ya tarifi. Sanayambire muno. Amachokera ku ndondomeko ya dziko lonse ya Harmonized System, imene bungwe la World Customs Organization ku Brussels limaisamalira ndi kuikonzanso pafupifupi zaka zisanu zilizonse. Kukonza kwa mu 2022 kunasuntha katundu wina kumuchotsa pa nambala yakale, ndiye kalaliki amene amakopera khodi m'mafayilo akale a mu ofesi akhoza kulemba nambala imene inafa kalekale.

Manambala asanu ndi limodzi oyambirira ndi ofanana m'mayiko onse otsatira ndondomekoyi. Ku Shanghai, ku Durban, ku Mwanza, tisheti ya thonje ndi 6109.10. Awiri oyamba, 61, ndi chaputala cha zovala za nsalu yolukidwa. Mukaonjeza 09 mwafika pa mutu wa matisheti ndi mavesiti. 10 wotsirizayo akunena kuti ndi ya thonje. Ikakhala ya ulusi wina, monga poliyesita, imapita ku 6109.90. Kupitirira apo dziko lililonse limaonjeza zake. South Africa amafika manambala asanu ndi atatu pamene agawanso katundu, ndipo pambali pa mzere uliwonse pali kanambala kamodzi kotsimikizira kamene kompyuta imagwirira zala zoterereka. Buku lake ndi Schedule No. 1, Part 1, ndipo Botswana, Lesotho, Eswatini ndi Namibia amagwiritsa ntchito lomweli chifukwa onse ali mu mgwirizano wa SACU. Malawi mulibe m'menemo, ali ndi buku lake. Izi zikutanthauza kuti khodi yolembedwa pa invoisi ya wogulitsa wa ku China tingaikhulupirire, ngati tayikhulupirira n'komwe, mpaka nambala yachisanu ndi chimodzi basi. Yotsalayo timaifuna tokha m'buku la kuno.

Mnyamatayo atamva izi anati, "Achimwene, ndiye si nkhani yongofufuza mawu oti tisheti m'buku?" Ndinamuuza kuti, "Ayi mphwanga, tenga chitsanzo chili m'kabatimo uchigwire." Invoisi inalemba mawu amodzi okha a Chizungu otanthauza malaya, popanda kunena za nsalu kapena kasokedwe. Mawu otere sakwanira, chifukwa malaya angagwe m'malo angapo osiyana. Ndinamuonetsa kukoka nsalu ndi zala ziwiri n'kuyang'anitsitsa pafupi ndi windo. Nsalu yolukidwa imatamuka, ndipo ulusi wake umaoneka ngati timalupu tolowana tokhatokha, monga pa juzi koma tating'ono kwambiri. Nsalu yoombedwa ili ndi ulusi wopingasana, wina woimirira wina wogona, ndipo siitamuka kwenikweni. Yolukidwa ndi ya chaputala 61, yoombedwa ndi ya chaputala 62. Shati ya ku ofesi ya abambo ndi 6205. Kenaka tinayang'ana pakhosi. Tisheti ilibe kolala, ilibe mabatani, khosi lake silinang'ambidwe kutsogolo. Ija ya kolala ndi mabatani awiri kapena atatu, imene ambiri timaitchabe tisheti, kwa a kasitomu ndi shati yolukidwa: 6105 ikakhala ya amuna, 6106 ikakhala ya akazi. Ndipo njira yodziwira ili m'mawu otsogolera chaputala 61: chovala chimene mbali ya kumanzere imabwera pamwamba pa ya kumanja pomanga mabatani chimatengedwa kuti ndi cha amuna, chosemphana ndi cha akazi, pokhapokha kadulidwe kake kakuonetseratu zina.

Mawu otsogolerawa, amene ali kumayambiriro kwa gawo ndi chaputala chilichonse, ndi amene akalaliki atsopano amawadumpha, chonsecho ndi amene ali ndi mphamvu ya lamulo. Mwa malamulo asanu ndi limodzi omasulira bukuli, loyamba limati mayina a machaputala angokhala othandiza kupeza malo, koma chimene chimagamula ndi mawu a mutu weniweniwo pamodzi ndi mawu otsogolera aja. Pa matisheti athu panabuka funso loti lebulo ya m'khosi inalemba thonje 60 peresenti, poliyesita 40 peresenti. Yankho lili m'mawu otsogolera gawo la nsalu: chovala chosakaniza chimatsatira ulusi umene ukulemera kuposa unzake. Thonje lapambana, ndiye 6109.10. Mu kontena momwemo mukadakhala makatoni a tiana tosapitirira masentimita 86 kutalika, amenewo akadafuna mzere wawo pa fomu, chifukwa zovala za makanda zili pa 6111. Ndipo zikadakhala za kaunjika, zimenezo ndi 6309, ndipo muno sizilowa popanda chilolezo cha ITAC, bungwe la boma loona za malonda ndi mayiko akunja. Khodi simangotchula msonkho, imatsegulanso kapena kutseka chipata.

Zimenezi si za nsalu zokha. Mtedza wosenda wa ku Mchinji, wauwisi, ndi 1202.42. Ukangokazingidwa wachoka m'chaputala 12 kupita ku 2008.11, kumene kulinso chiponde. Chinthu chimodzi, koma moto wachisamutsa.

Pali chiyeso chimene ndinamuchenjeza nacho poyera. Mwini katundu adzabwera tsiku lina n'kunena kuti, taonani khodi iyi msonkho wake ndi wochepa, tiyeni tiike pamenepo. Khodi siisankhidwa poyang'ana msonkho. Timayamba ndi katundu, n'kufika pa khodi, msonkho n'kuupeza utatidikira kumapeto kwa mzere. Ngati pali kukayika kwenikweni pakati pa mitu iwiri, njira ilipo: timapempha a SARS kuti agamule okha polemba, ndipo chigamulocho chimakhala chotiteteza pa makontena otsatira. Ngakhale pamene mitu iwiri ili ndi msonkho wofanana, khodi yolakwika ndi yolakwikabe, ndipo woyang'anira akatsegula kontena n'kupeza makolala pamene fomu ikuti matisheti, amayamba kukayikira china chilichonse chimene talemba.

Anagulidwa ndalama zingati

Apa m'pamene ndinakhalitsa, chifukwa Amalawi ambiri amene anagwirapo ntchitoyi kumudzi amabwera ndi chizolowezi chimene kuno chimadyetsa mwini katundu ndalama. Ku Malawi a MRA amawerengera msonkho pa mtengo wa CIF, kutanthauza mtengo wa katundu kuphatikiza mayendedwe ndi inshuwalansi mpaka kufika m'dziko. South Africa amawerengera pa mtengo wa FOB: ndalama zonse mpaka katundu atakwezedwa m'sitima ku dziko limene akuchokera, osapitirira apo. Ulendo wa panyanja ndi inshuwalansi yake sizilowa m'bokosi 42, lolembedwa Customs Value.

Invoisi yathu inali ya madola 21,500, ndipo pafupi ndi chiwerengerocho panalembedwa CIF Durban. Zilembo zitatuzo n'zimene kalaliki ayenera kuzifuna asanakhudze kakyuleta. Zikutiuza kuti m'kati mwa 21,500 muli kale ndalama za sitima ndi za inshuwalansi. Wogulitsa anazilemba padera m'munsi: sitima 1,400, inshuwalansi 100. Tikachotsa zimenezi tatsala ndi madola 20,000, omwe ndi madola awiri pa tisheti imodzi. Kulembedwa padera kumeneku n'kofunika kwambiri. Lamulo limalola kuchotsa ndalama za mayendedwe zimene zikuoneka ndipo zili ndi umboni, osati zimene kalaliki waganizira kuti mwina sitima inadya zakutizakuti. Invoisi ikangonena CIF osagawa, timalembera wogulitsa kapena kampani ya sitima kuti atipatse chikalata choonetsa ndalamazo, ndipo timadikira.

Invoisi ikadalembedwa EXW, nkhani ikadatembenuka. Pamenepo mtengo ndi wa pakhomo la fakitale, ndiye tikadaonjeza ndalama za lole yopita ku doko la ku China, zolongedza ndi zokwezera m'sitima, kuti tifike pa FOB pomwe paja kuchokera kumunsi.

Kenaka madola asanduke marandi. Reti siitengedwa ku banki ya mwini katundu, kapena ya tsiku limene tikulemba fomu. Ndi imene a SARS alengeza ya tsiku limene katundu anakwezedwa m'sitima, ndipo tsikulo timaliwerenga pa Bill of Lading. Sitima imatha masabata angapo panyanja, ndipo randi siikhazikika, ndiye kusiyana kwa masiku awiriwa kumaoneka m'thumba. Tiyerekeze kuti tsikulo dola inali R18. Madola 20,000 akhala R360,000. Ichi ndicho chiwerengero cha m'bokosi 42.

Msonkho wa matisheti ochokera ku dziko lopanda mgwirizano wapadera ndi South Africa ndi 45 peresenti, umodzi mwa misonkho yokwera kwambiri m'buku lonse, chifukwa boma limateteza mafakitale osoka a muno. 45 peresenti ya R360,000 ndi R162,000. Pamwamba pake pali VAT ya 15 peresenti, ndipo kawerengedwe kake kali ndi kanthu kamene aliyense watsopano amakaiwala. Timatenga mtengo uja wa R360,000, n'kuonjezapo 10 peresenti yake, R36,000, n'kuonjezanso msonkho wa R162,000. Zonse pamodzi ndi R558,000, ndipo 15 peresenti yake ndi R83,700. 10 peresenti ija imakhala ngati ikuimira mayendedwe amene tinawachotsa, ndipo siiikidwa pa katundu wopangidwa ku Botswana, Lesotho, Eswatini kapena Namibia wobwera kuchokera komweko. Mwini matisheti alipira R245,700 kuti aombole katundu wake.

Ndinamuuza mnyamatayo kuti awerengenso mwachimalawi, pa madola 21,500 onse. Anapeza mtengo wa R387,000, msonkho wa R174,150, ndi VAT ya R89,977.50. Kusiyana ndi R18,427.50 pa kontena imodzi, ndalama yotuluka chifukwa choti wina sanawerenge zilembo zitatu. Kompyuta ya SARS siidandaula munthu akalipira mopitirira. Kubweza n'kotheka, koma pamafunika kukonza fomu, kupempha m'kati mwa zaka ziwiri, ndi kudikira, ndipo mwini katundu amene wazindikira zimenezi kawirikawiri amakafuna ejenti wina.

Kulakwitsa kwa mbali inayo n'koopsa kuposa apa. Mawu a lamulo amati mtengo ndi umene unalipiridwa kapena uyenera kulipiridwa pa katunduyo. Pomasulira ndinatsindika mbali yachiwiriyo, chifukwa invoisi imodzi siinena zonse nthawi zonse. Pali mafunso amene kalaliki ayenera kufunsa mwini katundu ngakhale akuoneka ngati amwano. Kodi munatumiza kale dipoziti imene yachotsedwa pa invoisiyi? Ngati inde, ibwerere pa mtengo. Kodi munapereka kanthu kwaulere ku fakitale kuti asokere zovalazi? Mwini matisheti athu akadatumiza malebulo a dzina la sitolo yake a R10,000 kuti asokereredwe m'khosi, ndalamayo ikadalowa pa mtengo, ngakhale siili pa invoisi ya wogulitsa. Kodi pali ndalama yolipirira chizindikiro cha kampani ina chosindikizidwa pachifuwa, imene popanda iyo katundu sakadagulitsidwa? Imeneyonso imalowa. Komishoni ya munthu woimira wogulitsa imalowa, koma ya munthu amene wogula wamutuma kukamugulira siilowa. Ndipo funso lomaliza: kodi wogulitsa ndi wogula ali pa ubale wa bizinesi, wina ali ndi gawo mu kampani ya mnzake? Ubale pawokha si mlandu, koma uyenera kuululidwa, chifukwa a SARS amafuna kuona ngati sunatsitse mtengo.

Pa zovala makamaka, a SARS ali tcheru ndi mitengo yotsitsidwa dala, popeza pa 45 peresenti dola iliyonse yobisidwa ndi phindu lalikulu kwa wobisayo. Invoisi yonena kuti tisheti imodzi ndi masenti 20 a dola iyenera kumuimitsa kalaliki, chifukwa ngakhale nsalu yake yokha siingagulidwe motero. Mmene timadziwira n'kuyerekeza mapepala: ndalama imene banki inatumiza ikugwirizana ndi invoisi? Inshuwalansi inatetezera katundu wa ndalama zingati? Munthu amene wauza a kasitomu kuti katundu ndi wa madola 4,000 koma wauza a inshuwalansi kuti ndi wa 22,000 wadziulula yekha. A SARS akakana mtengo wa pa invoisi, samangotchula wawo kuchokera m'mutu. Pali njira zina zisanu zotsatana, zochokera ku mgwirizano wa World Trade Organization, ndipo yoyamba n'kuyang'ana mtengo wa katundu wofanana ndendende amene analowa nthawi yomweyo, yachiwiri katundu wofananako. Koma pamene zonsezi zikuchitika kontena yaima, ndalama zosungira zikukwera tsiku ndi tsiku, ndipo bodza likatsimikizika pamabwera chindapusa kapena kulandidwa kwa katundu.

Kanthu kena kakang'ono: katoni ya zitsanzo yolembedwa kuti ndi yaulere ilinso ndi mtengo pamaso pa a kasitomu. Kusalipira si kusowa mtengo.

Anapangidwa dziko liti

Pa fomu pali malo a dziko limene katundu watumizidwa kuchokera, ndipo palinso bokosi 34, la dziko limene katundu wa pa mzere umenewo anapangidwa. M'Chichewa cha tsiku ndi tsiku zonsezi timati "kumene wachokera", ndipo pomasulira ndinakana mawu amenewa pa bokosi 34. Ndinalemba kuti "kumene anapangidwa". Munthu wa ku Ntcheu akakwera basi pa Park Station n'kufika pa Dedza, wachokeradi ku Joni, koma pasipoti yake ndi ya Malawi ngakhale atakhala kuno zaka khumi. Katundu ali chimodzimodzi. Pa matisheti athu mabokosi onse awiri analembedwa CN, chifukwa anasokedwa ku China n'kukwera sitima komweko. Akadagulidwa kwa wamalonda wa ku Dubai, dziko lotumiza likadakhala AE koma bokosi 34 likadakhalabe CN.

Kufunika kwake kumaoneka mukatsegula buku la tarifi. Mzere uliwonse uli ndi misonkho ingapo yoyandikana, pansi pa mitu iyi: General, EU/UK, EFTA, SADC, MERCOSUR ndi AfCFTA. General ndi wa mayiko opanda mgwirizano wapadera, inayo ndi ya magulu a mayiko amene ali pa mgwirizano wa malonda ndi South Africa. Pa tisheti ya thonje, General ndi 45 peresenti, SADC ndi ulere. Tisheti yomweyo, mtengo womwewo wa R360,000, ikadakhala yopangidwa ku Malawi motsatira malamulo a SADC, R162,000 ija sikadalipiridwa, ndipo VAT ikadatsika kufika R59,400. Koma ulerewu subwera chifukwa talemba MW m'bokosi 34. Timaupempha m'bokosi 36, lolembedwa Preference, ndipo pempholo liyenera kukhala ndi satifiketi ya SADC yodindidwa ndi akuluakulu a dziko lotumiza. Popanda satifiketi, katundu wa ku Malawi amalipira ngati wa ku China.

Satifiketiyo ili ndi malo olemba chilembo chimodzi, P kapena S. P ndi katundu amene yense anachokera m'dzikomo: tiyi wolimidwa, kuthyoledwa ndi kuumitsidwa ku Thyolo, mtedza wa ku Mchinji uja, mpunga wa Kilombero wa ku Karonga. Apa palibe chovuta. S ndi katundu amene zipangizo zake zina zinachokera kunja kwa SADC koma wagwiridwa ntchito yokwanira m'kati mwake, ndipo kukwanirako kumasiyana malinga ndi khodi. Apa m'pamene funso loyamba lija limabwereranso, chifukwa simungadziwe lamulo la chiyambi musanadziwe mutu wa katundu. Pa zovala lamulo ndi lolimba: kusoka kokha sikukwanira, nsalu yakenso iyenera kukhala yopangidwa m'chigawo chino. Telala wa ku Blantyre akasoka matisheti ndi nsalu ya ku China, pa lebulo akhoza kulemba Malawi ndipo akunena zoona, koma ulere wa SADC saupeza. Kale panali chilolezo chapadera cha Malawi, Mozambique, Tanzania ndi Zambia cholola zovala zotere kulowa mu SACU mwa muyeso, koma chinatha kumapeto kwa 2009. Choncho katundu akhoza kukhala wa ku Malawi m'bokosi 34 n'kukhalabe wosayenera kanthu m'bokosi 36, ndipo kalaliki ayenera kuwaona mabokosi awiriwa ngati mafunso awiri osiyana.

Matisheti athu sanathere mu Joni onse, ndipo gawo lotsatirali ndi limene ife Amalawi timakumana nalo kwambiri. Mayi wina wochita malonda ku Limbe anagula 2,000 mwa iwo, oti akwere lole kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka pa Mwanza. Anafika mu ofesi ndi pempho limene timalimva mwezi uliwonse: "Bambo, mundipangire satifiketi ya SADC, katunduyu ndagula konkuno ku South Africa, risiti nayi." Mnyamata wathu anali atatsegula kale fomu ya katundu wotuluka ndipo m'bokosi 34 anali atalemba ZA. Ndinamupempha kuti atembenuze khosi la tisheti imodzi awerenge. Panali Made in China. Ndinawauza mayiwo kuti, "Amayi, kugula kuno sikusintha kumene inasokedwa. Msonkho umene unalipiridwa ku City Deep unangoipatsa ufulu wogulitsidwa muno, sunaisandutse ya South Africa." Dziko lotumiza ndi ZA, dziko lopanga ndi CN, ndipo satifiketi ya SADC palibe.

Mayiwo anafunsa ngati zingathandize kuwasita, kuwapinda m'mapepala atsopano ndi kumata dzina la sitolo ya kuno. Malamulo a SADC anaziganizira kale zimenezo. Kulongedza, kusankhula, kuchapa, kusita, kumata malebulo, zonsezi zili m'gulu la ntchito zosakwanira kupatsa katundu dziko latsopano. Komanso satifiketiyo kuno imadindidwa ndi a SARS, kwa wotumiza amene analembetsa ngati wotumiza pansi pa SADC, ndipo iye amalumbira kuti katundu akukwaniritsa malamulo. Wa MRA pa Mwanza akatsegula katoni n'kuona lebulo ikutsutsana ndi satifiketi, ali ndi ufulu wofunsa a SARS kuti atsimikize, katundu ali chiimire pa boda. Amene amagona m'lole masiku amenewo ndi mayi yemweyo.

Ndinawauzanso kuti akonzekere kuti kumudzi masamu atembenuka. A MRA adzatenga mtengo umene iwo analipira mu Joni, osati madola awiri a ku China aja, n'kuonjezapo ndalama za lole ndi inshuwalansi mpaka kulowa m'Malawi, chifukwa kumeneko ndi CIF. Khodi idzayamba ndi 6109.10 yomweyo, koma mapeto ake ndi msonkho wake adzachokera m'buku la Malawi.

Chimene chimandipweteka pa nkhani ngati iyi n'chakuti matisheti 2,000 amenewo alipira msonkho kawiri. 45 peresenti ya South Africa yabisala kale m'mtengo umene mayiyo anagulira, kenaka msonkho wa Malawi ubwera pamwamba pake. Zikadadziwika kontena isanaomboledwe kuti gawo lina likupita ku Limbe, gawo limenelo likadasungidwa m'nyumba yosungira katundu wosalipira msonkho, yovomerezeka ndi a SARS, n'kutuluka m'dziko pansi pa chikole popanda kulipira msonkho wa kuno. Zimenezi zimanenedwa m'bokosi 37, lolembedwa CPC, limene limauza a kasitomu chimene katundu wabwerera: kudzagulitsidwa muno, kusungidwa, kapena kungodutsa. Njirayi ili ndi ndalama zake, za nyumba yosungira ndi za wonyamula amene ali ndi layisensi yonyamula katundu wa pa chikole, ndipo umboni woti katundu anatulukadi pa Beitbridge uyenera kubwerera kuti chikole chimasulidwe. Pa makatoni awiri sizipindula. Pa matisheti 2,000, amene msonkho wawo wa kuno unali R32,400, n'zoyenera kukhala pansi n'kuwerengera oda yotsatira isanachoke ku China.

Fomu ya mayiyo tinaikonza tisanaitumize, ndiye panalibe vuto. Ikadakhala itapita kale ndi ZA m'bokosi 34, tikadatumiza fomu yokonza tokha msanga, a SARS asanatulukire, chifukwa kulakwitsa kumene waulula wekha amakuona mosiyana ndi kumene akupeza nako pofufuza. Ndipo amafufuzadi pambuyo pake, ngakhale katundu atagulitsidwa kale. N'chifukwa chake invoisi, Bill of Lading, kalata ya malangizo, chikalata cha ndalama za sitima ndi chithunzi cha lebulo ija zonse zimalowa mu fayilo imodzi ya kontenayo, ndipo fayiloyo imasungidwa zaka zisanu.